Mawu a Amongoli: Ulusi, Tumeni, Yamu ndi Ili

Ife tikamva za ufumu timayamba tafunsa malire, kuti dziko lake linayambira pa mtsinje uti nʼkulekezera pa phiri liti. Funso limeneli silithandiza kwenikweni pa mbiri ya Amongoli, anthu oweta ziweto amene mu 1206 anasonkhana pafupi ndi mtsinje wa Onon nʼkulonga Temujin ufumu, nʼkumupatsa dzina loti Chinggis Khan. Kwawo ndi kuchidikha cha udzu wokhawokha, chosowa mitengo, choyambira ku Mongolia mpaka kukafika ku Hungary. Chuma cha kumeneko chimayenda ndi miyendo inayi, ndipo mawu awo a ulamuliro amawerenga anthu ndi akavalo, osati minda.

Ulusi ndi mawu amene mabuku amakonda kuwamasulira kuti dziko, koma poyamba ankatanthauza anthu amene ali mʼmanja mwa mtsogoleri. Chinggis pogawa ufumu kwa ana ake anayi, Jochi, Chagatai, Ogedei ndi Tolui, ankapereka mabanja owerengeka, ndipo msipu unkabwera pambuyo kuti mabanjawo apeze podyetsa ziweto. Nayonso nyumba ya mfumu, orodo, inali mudzi wa mahema wosamuka ndi nyengo. Ngakhale Ogedei atamanga mzinda wa Karakorum mu 1235, mafumu ankakhalamo nthawi yochepa chabe pa chaka. Wofuna kuonana ndi mfumu ankayenera kufunsa kaye kumene orodo yamanga mwezi umenewo.

Anthuwo ankawamanga mʼmagulu a khumikhumi. Panali gulu la amuna 10, la 100, la 1,000, ndipo lalikulu la 10,000 linkatchedwa tumeni. Kawerengedweka sanakayambitse ndi Chinggis, mitundu ina ya mʼchidikhamo inkakagwiritsa ntchito kalekale. Chake chatsopano nʼchakuti anaphwasula mafuko amene anawagonjetsa nʼkuwamwaza mʼmagulu osiyanasiyana, ndipo munthu sankaloledwa kuchoka mʼgulu lake. Motero mfumu ya fuko inasowa anthu oukira nawo. Gulu la 1,000 linali la nkhondo komanso la msonkho, akazi, ana ndi ziweto ali momwemo.

Apa ndi pamene ndimafuna owerenga achite masamu pangʼono. Msilikali mmodzi ankayenda ndi akavalo angapo, atatu kapena asanu, kuti wina akatopa akwere wina. Tikati asanu, tumeni imodzi yodzaza ikhala ndi akavalo 50,000, osawerengera nkhosa za ndiwo. Akavalowa sankawatengera chakudya mʼngolo, ankadya udzu wa pamene afikapo. Nʼchifukwa chake gulu lankhondo linkathamanga modabwitsa, komanso nʼchifukwa chomwecho silinkatha kukhalitsa pamalo ouma. Mu 1260 Hulegu, mdzukulu wa Chinggis amene anali atawononga Baghdad mu 1258, anachotsa asilikali ake ambiri ku Siriya nʼkusiya gulu lochepa mʼmanja mwa Kitbuqa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Amamuluki a ku Iguputo anawagonjetsa pa Ain Jalut. Akatswiri ena amati Hulegu anabwerera chifukwa cha imfa ya mkulu wake Mongke, mfumu yaikulu ya Amongoli, mu 1259, ena amati msipu ndi madzi a ku Siriya sizikanakwanira akavalo onsewo mʼchilimwe. Ine ndimaona kuti zifukwa ziwirizi zinakokera limodzi, koma cha udzu nʼchimene owerenga ambiri amachiiwala.

Mawu amene ndimawakonda koposa ndi yamu. Awa anali malo osinthira akavalo, omangidwa mʼmisewu ikuluikulu motalikirana pafupifupi makilomita 40, ndipo Ogedei ndiye anawakhazikitsa mwadongosolo. Mthenga akafika ankasiya kavalo wotopa, nʼkudya, nʼkukwera wina. Chilolezo chake chinali paiza, kachitsulo kapena kathabwa kolembedwa, kovala mʼchiuno kapena mʼkhosi. Panali za mtengo, za siliva ndi za golide, malinga ndi ulemu wa munthu.

Kuti tione mmene yamu inkagwirira ntchito, titsate wansembe wa ku Italy, Giovanni da Pian del Carpine, amene Papa Innocent IV anamutuma kwa Amongoli. Ananyamuka pa msasa wa Batu, mwana wa Jochi, mʼmbali mwa mtsinje wa Volga mu Epulo 1246, nʼkufika kwa Guyuk, mwana wa Ogedei amene anali pafupi kulongedwa ufumu, ku Mongolia pa 22 Julayi. Ndi ulendo wa makilomita oposa 4,000 mʼmiyezi itatu ndi theka, ndipo woyendayo anali nkhalamba ya zaka pafupifupi 60. Ankasintha akavalo kangapo pa tsiku, miyendo atakulunga nsalu kuti apirire. Koma akavalo ndi chakudyacho zinkachokera kwa mabanja oyandikana ndi msewu, ndipo apa mpamene pankavundira. Paiza zikachuluka, akalonga ndi amalonda ankadya za ulere mʼmayamu, anthu nʼkuyamba kuthawa midzi ya mʼmbali mwa msewu. Mongke analetsa amalonda kugwiritsa ntchito yamu mwaulere, ndipo ku Perisiya Ghazan, amene analowa ufumu mu 1295, anachita kukonzanso dongosolo lonse.

Kalata imene wansembeyo anabwerera nayo imatifikitsa pa mawu ovuta kwambiri, ili. Mawu amodziwa ankatanthauza mtendere komanso kugonja. Papa ankafuna mtendere, Guyuk anamva kuti akufuna kugonja, choncho anayankha kuti Papa abwere yekha ndi mafumu ake adzagwade. Kwa Amongoli anthu a padziko anali amitundu iwiri, ogonja ndi oukira, popanda mnansi wofanana nawo mphamvu. Mzinda wogonja msanga unkasunga atsogoleri ake, malamulo ake ndi chipembedzo chake, nʼkulandira nduna yoyangʼanira yotchedwa darugachi, kalembera ndi msonkho. Mzinda wokana, kapena wogonja nʼkudzatembenuka, unkaona zimene zinagwera Merv ndi Nishapur mu 1221, kumene anthu anaphedwa ochuluka zedi, amisiri okha nʼkupatulidwa kuti akagwire ntchito kwina. Aliyense wolemba za kulolera kwa Amongoli osatchula mizinda imeneyi wanena theka la nkhani.

Kulolerako kunalipodi. Mu 1254 wansembe wina, William wa ku Rubruck, anapeza mizikiti iwiri, tchalitchi chimodzi ndi akachisi khumi ndi awiri mu Karakorum, ndipo anachita nawo mtsutso wa Akhristu, Asilamu ndi Abuda umene Mongke analamula. Koma muzu wake uli mʼmawu akuti darikani, munthu womasulidwa ku msonkho ndi ntchito yokakamiza. Chinggis atakumana ndi Qiu Chuji, mkulu wa chipembedzo cha Dao, mu 1222, anamasula ansembe ake ku msonkho. Mu 1267 Mengu-Timur, mfumu ya ulusi wa Jochi, anachita chimodzimodzi kwa mpingo wa Orthodox ku Rasha. Malipiro ake anali amodzi konsekonse: muzipempherera mfumu ndi banja lake. Amongoli ankakhulupirira kuti Tengeri, Thambo losatha, anawapatsa dziko lonse, ndipo pemphero la munthu woyera aliyense linali mphamvu yoti isawapite. Wansembe wokhutira ankakhazikanso mitima ya anthu ake pansi, zomwe zinali zofunika kwa olamulira ochepa pakati pa khamu la alendo.

Malire a kuloleraku ankaonekera pamene chipembedzo chagundana ndi mwambo wa mʼchidikha. Amongoli popha nkhosa ankaingʼamba pachifuwa nʼkulowetsa dzanja kuti magazi asatayikire pansi, pamene Asilamu amadula pakhosi. Mu 1280 Khubilai analetsa kudula pakhosi mʼdziko lake la China, chilango chake chili imfa. Amalonda achisilamu ambiri anasiya kubwera, msonkho wa malonda unatsika, ndipo patapita zaka zingapo lamulolo linafewetsedwa.