Mneni wa Njala, Ludzu ndi Tulo

Mngelezi akafuna chakudya amasandutsa njala kukhala mkhalidwe wake, Mfalansa anena kuti ali nayo monga munthu ali ndi katundu, koma ife, amene makolo athu anaidziwa njala pamaso, timati “ndamva njala,” ndi mneni yemweyo womvera mawu, ululu ndi chisoni, pakuti njala ilankhula m'mimba ndipo mwini thupi amvera. Ikakula isanduka chilombo: njala yandipweteka, ludzu landipha, ngakhale wonenayo ali chilili. Tulo tokha ndito tifika mwaulemu, popeza timati “tulo tandigwira,” monga mlendo agwira dzanja la mnzake. Inu aphunzitsi, musalole ana kutaya mneni wokoma uja wa “kumva” pomasulira Chingelezi.