Mtengo ukamakwera liwiro likutha: daivejensi ya RSI

Pansi pa tchati cha mitengo ya masheya kapena ndalama zakunja pamakhala kamzere koyendayenda pakati pa 0 ndi 100, kotchedwa RSI. Anakayambitsa ndi J. Welles Wilder wa ku America m'buku lake la mu 1978. Ntchito yake ndi kuyeza momentamu, kutanthauza liwiro limene mtengo ukuyendera, osati kukwera mtengo kapena kutchipa kwa chinthucho.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Timatenga masiku 14 apitawa, kupeza avereji ya kukwera ndi avereji ya kutsika, kenako kugawa yoyambayo ndi yachiwiriyo. Yankho lake ndi RS.

```
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

Tiyerekeze kuti sheya yafika pa 100, avereji ya kukwera ili 3, ya kutsika ili 1. RS ndi 3, ndiye RSI ndi 75. Mtengo wabwerera pang'ono pa 94, kenako wakweranso mpaka 104, koma ulendo uno mwapang'onopang'ono, masiku otsika atachuluka. Avereji ya kukwera tsopano ndi 2, ya kutsika ndi 1.25. RS yatsika kufika 1.6, RSI ili pa 61.5. Mtengo wapanga nsonga yapamwamba kuposa yoyamba, pomwe RSI yapanga nsonga yotsika. Kusemphana kumeneku ndiko amakutcha daivejensi. Ikaoneka pamwamba chonchi imachenjeza kuti ogula akutopa. Ikaoneka pansi, mtengo utatsika kupitirira pomwe unafika kale koma RSI osafikako, otopa ndi ogulitsa.

Apa mpamene ambiri amapupuluma. Daivejensi imangonena kuti liwiro lachepa, sinena kuti ulendo watha. Lole yolemedwa ikamakwera chitunda imachepetsa liwiro, koma imakhala ikukwerabe.

Taonani zimene zinachitikira Bitcoin mu 2021, pa tchati choonetsa mlungu ndi mlungu. Kumayambiriro kwa Januwale mtengo unafika pafupifupi madola 42,000, ndipo RSI inali pamwamba zedi. Mu Febuluwale mtengo unakhudza 58,000, RSI ili pansi pa nsonga ya mu Januwale. Daivejensi inali itaoneka kale pamenepo. Amene anabetcha kuti mtengo ugwa anayembekezera ndi mtima uli m'mwamba, chifukwa mu Malichi unadutsa 61,000, mu Epulo n'kudutsanso 64,000, RSI ikutsikirabe. Kugwa kwenikweni kunadza mu Meyi, pomwe mtengo unafika pafupi ndi 30,000. Chenjezo linali loona, koma linafulumira ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo wochita malonda ndi ndalama zangongole akhoza kutheratu m'nthawi yoteroyo.

Chifukwa chake chili m'masamu omwewo. RSI singadutse 100. Mtengo ukathamanga koopsa poyamba, kamzereko kamafika pamwamba moti kuthamanga kulikonse kotsatira, ngakhale kwamphamvu, kumaoneka kofooka. N'chifukwa chake msika wokwera mwamphamvu umabala madaivejensi motsatizana, awiri kapena atatu, usanatembenuke. Nthawi zina sutembenuka n'komwe: umangoyenda cham'mbali kwa kanthawi, RSI n'kuzizira, kenako n'kupitiriza kukwera.

Nanga tidziwa bwanji kuti yafika nthawi? Wilder mwiniwake ankayang'ana chigwa chimene chili pakati pa nsonga ziwiri za RSI. Kamzere kakadutsa 70, n'kubwerera, n'kulephera kufika pa nsonga yoyamba, kenako n'kutsika kupyola chigwacho, iye ankachitenga ngati chizindikiro champhamvu chakuti msika ukutembenuka. Ine ndimakhulupirira kwambiri mtengo weniweniwo. M'chitsanzo chathu chija, mtengo ukadali pamwamba pa 94, palibe chimene chasweka. Ukatseka tsiku uli pansi pa 94, ndiye kuti ogula alephera kuteteza malo amene anateteza kale. Wogulitsa pamenepo wataya phindu la pakati pa 104 ndi 94, inde, koma ndiwo malipiro a kusachita zinthu mongoganizira.

Pali kudzinamiza kwinanso. Nsonga ya RSI iyenera kukhala ya nthawi yomweyo imene mtengo unapanga nsonga yake, ndipo nsonga yachiwiri imadziwika ikatha, osati ikadali kupangika. RSI imene ili pa 61 lero ikhoza kufika 78 mlungu wamawa, daivejensi ija n'kufufutika. Pa matchati akale zimenezi sizioneka, popeza diso limangogwera zimene zinatheka.

Wofuna kuyesa zimenezi pa msika wa masheya wa ku Blantyre achenjere ndi masheya amene sagulidwa kawirikawiri. Mtengo ukakhala malo amodzi masiku ambiri kenako n'kudumpha kamodzi, avereji ya kutsika imayandikira 0 ndipo RSI imakakamira pafupi ndi 100. Nsonga za kamzere kotere zimachokera ku malonda awiri kapena atatu okha, choncho kuziyerekeza sikukuuzani chilichonse chokhudza liwiro la ogula.