Si Madzi Onse Oyeretsa Ketulo Ali Amchere

M'zolemba zina za ukhondo mwayamba kupezeka mawu akuti "madzi olimba". Khutu la Mmang'anja wa ku Chikwawa likamva zimenezi limaganiza za matalala kapena madzi oundana m'firiji, chifukwa cholimba ndi chimene sichiphwanyika msanga. Mawuwa ndi Chingerezi chongovala zilembo zathu, ndipo ine ndimawakana. Amayi ochapa pa mjigo amafotokoza bwino kuposa apo: madzi awa sachita thovu, amatha sopo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Kuno ku Chigwa cha Shire, komwe mijigo yambiri ya ku Nchalo, Ngabu ndi madera ena imatulutsa madzi owawa mchere, tazolowera kutchula vuto lililonse la madzi kuti "mchere". Zoyera zikamata m'ketulo timati mchere. Koma mchere wa m'ndiwo sumata chotero. Ukatsalira m'mphika wouma, kungotsukuluza umasungunuka. Nkhoko ya m'ketulo imakana madzi, imafuna kupala, chifukwa ndi laimu wa m'madzi otha sopo aja.

Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya wa m'dothi, womwe uja timatulutsa popuma, ndipo mpweyawo umawathandiza kusungunula kashiamu ndi maginiziyamu wa m'miyala. Mukawatenthetsa mpweya umathawa, kashiamu n'kulephera kukhalabe wosungunuka, n'kuuma pamalo potentha kwambiri. N'chifukwa chake nkhoko imayambira pansi pa ketulo ndi pachitsulo chotenthetsa madzi m'giza, ndipo paipi ya madzi otentha imatsekeka msanga kuposa ya ozizira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati vutoli limaoneka laimu akapitirira pafupifupi mamiligalamu 200 pa lita.

Tiyerekeze mjigo wa mamiligalamu 300 pa lita, banja likuwiritsa malita 10 patsiku. Laimu wolowa m'ketulo ndi magalamu 3. Ngakhale theka lokha litamata, pamwezi ndi magalamu 45. Nkhokoyo imatchinga kutentha: ketulo imachedwa kuwira, makala kapena mayunitsi amatha, ndipo chitsulo cha m'giza chimatenthera mkati mpaka kupsa.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Palani zoyerazo, mudonthezerepo mandimu kapena viniga. Zikachita thovu ndi laimu, ndipo viniga wosakaniza ndi madzi ofunda, atagonamo usiku, amazichotsa.

Dzina lolakwika limabweretsa mankhwala olakwika. Wouzidwa kuti kuwiritsa kumachepetsa "mchere" adzawiritsa madzi amchere weniweni, nthunzi n'kuchoka, mchere n'kuwirikiza. Madzi a laimu okha ndiwo amapepukako akawira, ngakhale si onse, pakuti kashiamu wina sachoka ndi moto. Mjigo umodzi ukhozanso kukhala ndi zonse ziwiri. Choncho polemba ndi pophunzitsa tizinena "madzi amchere" lilime likamva mchere, ndi "madzi a laimu" ketulo ikachita nkhoko yosasungunuka.