Kusiyanitsa Amuna ndi Akazi Pomasulira m'Chifalansa

M'Chifalansa dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, ndipo mawu ofotokoza dzinalo amasintha molitsatira. Chichewa, monganso Chitumbuka cha ku Lundazi, sichitero. Timagawa mayina m'magulu, monga munthu wamkulu ndi chinthu chachikulu, koma mlembi, mlonda kapena mfumu angathe kukhala bambo kapena mayi. Choncho womasulira amakakamizika kusankha chimene mwini mawu sananene.

Kale dzina lachimuna linkaimira onse, ndipo mu 1647 Vaugelas ankati lachimuna ndilo lolemekezeka kwambiri. Ku Quebec, ofesi yoona za Chifalansa idalimbikitsa mayina achikazi a ntchito mu 1979. Boma la France lidakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Benoîte Groult mu 1984, nkutulutsa chikalata cholangiza zomwezo mu 1986. Académie française idakaniratu kwa zaka zambiri, mpaka idavomera pa 28 Febuluwale 2019. Chikalata china cha boma cha mu 2017 chidati zilengezo za ntchito za boma zizitchula onse awiri, le candidat ou la candidate.

Tiyerekeze chilengezo ichi: "Tikufuna namwino wodziwa ntchito, wokonzeka kugwira usiku." Kwa bambo chikhala infirmier expérimenté, prêt, kwa mayi, infirmière expérimentée, prête. Ambiri amalemba infirmier ou infirmière pamutu, kapena kuwonjezera (H/F), kenako nkuiwala mawu otsatirawo, chilengezo nkubwerera kwa amuna okha pofika mzere wachiwiri. Khutu silingagwire zonse, pakuti expérimenté ndi expérimentée amamveka chimodzimodzi. Nkofunika kulondola ndi chala liwu lililonse mpaka pa dzina lake. Njira yochepetsa vutoli nkusankha mawu osasintha, monga disponible m'malo mwa prêt, kapena kulemba vous avez de l'expérience. Wolemba la personne adziwe kuti zonse zotsatira zikhala zachikazi, ngakhale ntchitoyo atapatsidwa bambo.

Kwathu kuno nkhaniyi imakoma pa mayina enieniwo. Munthu akamva "namwino" amaona mayi wovala zoyera, mwina chifukwa cha na- yemwe timamumva mwa Nabanda ndi Naphiri, chikhalirecho m'zipatala mwathu anamwino aamuna ndi ambiri. Akamva "mlonda" amaona bambo ali ndi tochi ndi chibonga. Womasulira akatsata chithunzi cha m'mutucho, amalemba infirmière ndi gardien, ndipo watsekera khomo anthu amene bwana sadawakane. "Mfumu" nayo njovuta, poti pakati pa Achewa mafumu aakazi alipo; kalata isanapite nkoyenera kufunsa ngati ndi le chef kapena la cheffe.

Luso limeneli lingathandize omasulira pa msasa wa Dzaleka ku Dowa, kumene kuli anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, komanso ku likulu la COMESA ku Lusaka, kumene Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka.