Kabuku kamene kanagwirizanitsa maso a oyeza nthaka

Munthu akatsika kuchokera ku Ku Chawe, n'kudutsa m'tauni ya Zomba mpaka kukafika kugombe la nyanja ya Chilwa ku Kachulu, dothi limasintha maonekedwe kangapo iye akupenya. Pamwamba pa phiri, pansi pa udzu ndi mitengo, dothi lapamwamba ndi lakuda ndi lofewa. M'munsi mwa phiri ayamba kuona katondo amene amapaka nsapato ndi makoma a nyumba. Akamayandikira kunyanja, katondo uja amatha, m'malo mwake mumabwera dothi lotuwa la m'madambo ndi makande amene amang'aluka m'chilimwe. Alimi a kuno mayina amenewa amawadziwa kuyambira kalekale, ndipo sasochera nawo. Vuto limabwera pamene uthenga uyenera kulembedwa papepala kuti ukawerengedwe ndi munthu amene sanapondepo pamalopo. "Dothi lofiira" la mlangizi wa ku Thondwe silingakhale chimodzimodzi ndi "dothi lofiira" la injiniya wa ku Lilongwe.

Yemwe anathetsa mkangano umenewu sanali mlimi ayi. Albert Munsell anali wojambula zithunzi komanso mphunzitsi wa zojambulajambula mumzinda wa Boston ku America. Zinkamuvuta kuphunzitsa ana asukulu mitundu pogwiritsa ntchito mayina amene aliyense ankawamva mwa njira yake. M'chaka cha 1905 anatulutsa kabuku kotchedwa A Color Notation, ndipo mu 1915 anatulutsa buku lokhala ndi timapepala ta utoto tosanjidwa mwadongosolo. Iye anati mtundu uliwonse ungafotokozedwe poyankha mafunso atatu. Kodi ukupendekera kuti, kofiira kapena kwachikasu? Kodi ndi wowala kapena wakuda motani? Nanga ndi wolimba, kapena wazilala n'kumatuwa? Munsell anamwalira mu 1918 asanaone njira yake ikulowa m'dzenje la woyeza nthaka. Akatswiri a nthaka a boma la America ndiwo anaitola, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kanatuluka kabuku ka mitundu ya dothi yokhayokha. Buku lawo la malangizo a kayezedwe ka nthaka la 1951 linakhazikitsa njirayi, kenaka inafalikira m'maiko ena mpaka kulowa m'malangizo a bungwe la FAO.

Zomba ili ndi gawo lake pa mbiri imeneyi chifukwa inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo zolemba za boma zinkasindikizidwa konkuno. Anthony Young ndi Peter Brown, amene anayenda m'dziko muno kufufuza nthaka kumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda, anatulutsa buku lofotokoza nthaka ndi malo a m'chigawo chakumpoto mu 1962, ndi lina la chigawo chapakati mu 1965, onse kudzera kwa osindikiza mabuku a boma ku Zomba. Ntchito ya mtundu umenewu imadalira kuti dzenje lokumbidwa ku Mzimba lifotokozedwe ndi mawu omwewo amene afotokozera dzenje la ku Dedza, apo ayi mapu sangalumikizike. Oyeza nthaka a m'badwo umenewo ankayendanso ndi ganizo la Geoffrey Milne, amene ali ku Tanganyika mu 1935 anasonyeza kuti dothi limasintha mwandondomeko kuchokera pamtunda kutsikira kudambo, ndipo ndondomeko yomweyo imabwerezedwa pa chitunda chotsatira. Ulendo wa ku Ku Chawe mpaka ku Kachulu ndi chitsanzo chachikulu cha zimenezi, koma ngakhale munda umodzi wotsetserekera ku Likangala ungazionetse.

Kabuku ka mitundu ya dothi kaja n'kakang'ono, kokwana m'chikwama. Tsamba lililonse lili ndi dzina monga 10R, 2.5YR, 5YR, 7.5YR kapena 10YR. Chilembo R chikuimira kufiira, Y chikasu, ndipo munthu akamatsegula kuchokera pa 10R kupita ku 10YR, kufiira kumanka kuchepa, chikasu n'kumawonjezeka. Patsambapo pali timabokosi ta utoto, ndipo pafupi ndi kalikonse pali kabowo koikapo dothi kumbuyo kwake. Kutsika m'munsi mwa tsamba mitundu imanka ida, kupita kudzanja lamanja imanka ilimba. Choncho wina akalemba 2.5YR 3/6, akutanthauza tsamba lopendekera kwambiri kofiira, dothi lodera, popeza 3 ali pafupi ndi 0 amene ndi wakuda bii pamene 10 ndi woyera, ndiponso mtundu wolimba ndithu, womwe ndi 6 uja. Ameneyu ndi katondo wakupsa. Akalemba 10YR 2/1, ndiye kuti dothilo ndi lakuda.

Kayezedwe kake kamafuna kudekha. Woyeza amatenga kachibuma kuchokera m'khoma la dzenje, n'kukanyema kuti aone mkati mwake, osati kunja kumene kwapakidwa ndi khasu. Ngati n'kouma amakadonthezera madzi pang'ono mpaka kanyowe koma osanyezimira, chifukwa dothi lonyowa limada kuposa louma, ndipo pa lipoti ayenera kulemba kuti anayeza lonyowa kapena louma. Amaima dzuwa lili kumsana, masana, osati m'mamawa kapena dzuwa litapendeka pamene chilichonse chimaoneka chofiirira. Magalasi adzuwa amavula. Kabuku kakale kamene kakhala kakugwidwa ndi zala zamatope kapena kusiyidwa padzuwa kamanamiza, chifukwa utoto wake umazilala, ndipo m'maofesi amene ndalama zogulira katsopano zimasowa, ili ndi vuto lenileni.

Nanga mtunduwo umanena chiyani? Kwakukulu umanena za chitsulo chimene chili m'dothi ndi zimene madzi achichita. Pamene madzi amalowa n'kudutsa, mpweya umafika pansi ndipo chitsulo chimachita dzimbiri, dothi n'kufiira. Pamene chinyezi chimakhalitsako, dzimbirilo limakhala lachikasu. Koma pamene madzi amaima kwa milungu yambiri, tizilombo tosaoneka ndi maso timamaliza mpweya wonse, chitsulo chimasungunuka n'kuchoka, ndipo dothi limatsala lotuwa. Madzi akamakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, amasiya mawangamawanga, dothi lotuwa lokhala ndi madontho a dzimbiri. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la kabukuka lagona pamenepa: munthu angathe kukumba mu Okutobala, pansi pali gwa, n'kuwerenga pamene madzi amafika mu Febuluwale.

Tiyerekeze kuti banja lina lagula puloti kumunsi kwa tauni, pamalo otsetserekera kumtsinje, ndipo likufuna kumanga nyumba, kukumba chimbudzi ndi kubzala mapeyala angapo. Lakumbitsa dzenje lakuya mita imodzi ndi theka. Masentimita 20 oyamba woyeza wapeza 10YR 3/2, dothi lodera chifukwa cha manyowa a udzu ndi mizu yowola. Kutsika mpaka masentimita 70 wapeza 7.5YR 4/4, lofiirira pang'ono, lopanda mawanga. Kufika apa zonse zili bwino. Koma kuyambira pamenepo dothi lasanduka 10YR 5/1, lotuwa, lokhala ndi madontho a 7.5YR 5/8. Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi yomaliza ya dothi lotuwalo, 1 uja. Ikakhala 2 kapena kucheperapo m'dothi losada kwenikweni, akatswiri amaitenga ngati chizindikiro chakuti madzi amaima pamenepo.

Ndiye kuti papuloti imeneyi madzi a m'nyengo ya dzinja amafika pafupifupi masentimita 70 kuchokera pamwamba. Chimanga chingathe kuchita bwino pamizere yokwezeka, chifukwa mizu yake yambiri imathera pamwamba pa malire amenewo. Mapeyala ndiye ayi, pakuti mizu yake imaola msanga ikakhala m'madzi. Chimbudzi chokumba mamita atatu chidzadzaza madzi, makoma ake angathe kugumuka, ndipo zonyansa zidzasakanikirana ndi madzi amene anansi amatunga pachitsime. Kwa mmisiri womanga, uthenga ndi wakuti maziko adzakhala m'chinyezi miyezi ingapo chaka chilichonse, choncho pafunika kukweza pansi pa nyumba, kuika pulasitiki yotchinga chinyezi ndi kukumba ngalande kumtunda kwake, kapena kusunthira nyumbayo cham'mwamba ngati malo alipo. Zonsezi zadziwika thumba la simenti lisanagulidwe.

Komabe kabukuka kali ndi malire ake, ndipo Zomba yomweyi ndi imene imawaonetsa bwino. Dothi lakuda la pamwamba pa phiri ndi makande a kuchigwa cha Chilwa angathe kugwera pa kabokosi kamodzi, tinene 10YR 2/1, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. La kuphiri lada chifukwa kumazizira ndipo masamba ndi mizu zimachedwa kuola. Ndi lopepuka, losavuta kulima, koma mvula yambiri inalikokolola mchere wa m'nthaka ndipo nthawi zambiri limakhala ndi asidi. Makande ada chifukwa dongo lake lagwirana ndi manyowa ochepa chabe. Dongo limeneli limafufuma likamwa madzi ndipo limanyala likauma, n'chifukwa chake nyumba zomangidwa pamenepo mosasamala zimang'aluka makoma. Kabuku sikangasiyanitse ziwirizi. Chimene chimasiyanitsa ndi chala, pofinya dothi lonyowa n'kuona ngati likumata ndi kupotoka, ndi diso poona ming'alu ya m'chilimwe yolowa dzanja.

Katondo nayenso amanamiza mwa njira yake. Kufiira kwake kumatsimikizira kuti madzi amadutsa bwino, ndipo n'chifukwa chake amisiri amamukonda pomanga ndi poumba njerwa. Koma kufiirako sikunena kanthu za chonde. Chitsulo chomwecho chimene chimafiiritsa dothi chimagwiranso fosifolasi wa mu feteleza n'kumumana mbewu, ndipo munda wofiira umene walimidwa chimanga zaka zambiri ungakhale wosauka kwambiri. Kuchuluka kwa asidi ndi chakudya cha mbewu zimadziwika potumiza dothi kukayezedwa m'malo ofufuzira zaulimi monga ku Bvumbwe kapena ku Chitedze. Mphamvu ya nthaka yonyamula nyumba yosanjikizana nayonso ili ndi mayeso ake a mainjiniya. Ngakhale mawanga aja amafunika kuwawerenga mosamala, chifukwa amakhalabe m'dothi kwa zaka zambiri madzi atasiya kufikapo, mwachitsanzo pamalo pamene panakumbidwa ngalande yakuya. Woyeza wanzeru amafunsanso agogo amene akhala pamalopo kuti m'dzinja pamakhala potani.

Tauni ya Zomba ikukulira mbali ziwiri zovuta, kukwera m'mapazi a phiri ndi kutsikira m'madambo, ndipo anthu ambiri amagula malo m'chilimwe pamene paliponse pamaoneka pouma. Si aliyense angapeze kabuku ka Munsell, koma khasu lili pakhomo lililonse. Inu amene mukuganiza zogula puloti chaka chino, pemphani mwini malo akuloleni kukumba dzenje la mita imodzi musanapereke ndalama, munyeme zibuma za pansi, ndipo mukaona dothi lotuwa la madontho a dzimbiri, kaitaneni mlangizi wa zaulimi kapena injiniya adzaone musanayale njerwa.