Mapointi Akafanana, Apitirire Ndani? Nkhani ya Angola 2010

Anzanga omvera a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mkangano uwu tonse timaudziwa. Ligi ya m'dera yatha, matimu awiri ali ndi mapointi ofanana, ndiye ena akuti “ife tachinya zambiri”, ena akuti “koma inuyo tinakugonjetsani”. Onsewo akunena zoona. Chimene chimagamula ndi lamulo limene linalembedwa mpira usanayambe, ndipo mbiri ikutionetsa kuti zotsatira zomwezo zikhoza kupereka opambana osiyana malinga ndi lamulo lake.

Tiyambire kale. Ku England, kwa zaka zambiri, ankatenga zigoli zimene timu yachinya n'kuzigawa ndi zimene yachinyidwa. Mu 1924 matimu a Huddersfield Town ndi Cardiff City anamaliza ligi ali ndi mapointi 57 onse. Huddersfield inachinya zigoli 60 n'kuchinyidwa 33, pamene Cardiff inachinya 61 n'kuchinyidwa 34. Atagawa, Huddersfield inapeza 1.82 ndipo Cardiff 1.79, choncho chikho chinapita ku Huddersfield. Koma taonani: mukachotsera m'malo mogawa, matimu onsewa akutsala ndi 27. Pa malamulo amene anabwera pambuyo pake akanayang'ana amene wachinya zambiri, ndipo chikho chikanapita ku Cardiff.

Vuto la kugawa linali loti kunkakomera timu yotseka kumbuyo. Timu yochinya 20 n'kuchinyidwa 10 imapeza 2, pamene yochinya 50 n'kuchinyidwa 30 siifika n'komwe pa 2, ngakhale ndiyo yasangalatsa anthu. N'chifukwa chake anasintha n'kuyamba kuchotsera, kumene timati kusiyana kwa zigoli. Chikho cha Dziko Lonse chinayamba njira imeneyi mu 1970, ndipo ligi ya ku England inatsatira mu 1976.

Njira yochotserayi nayonso ili ndi chilema chake. Matimu awiri amphamvu amatha kusiyanitsidwa ndi zigoli zimene anathira timu yofooka ya pansi pa m'ndandanda. Ndiye ena anati ayi, tiyambe taona mmene eni ake awiriwo anachitira atakumana okhaokha. Lamulo limeneli ndi limene bungwe la mpira mu Africa, CAF, linagwiritsa ntchito pa mpikisano wa mayiko a mu Africa umene unachitikira ku Angola mu Januwale 2010.

Ambiri a ife tikuukumbukira mpikisano umenewu, chifukwa a Mambas athu analiko, mu gulu C, ndipo anansi athu a Flames a ku Malawi analinso komweko, mu gulu A limodzi ndi Angola, Mali ndi Algeria. Kuno kumalire, kumene abale ali mbali zonse ziwiri za Chiponde, tinali ndi matimu awiri owatchera khutu.

Gulu A linayamba modabwitsa. Angola inatsogola 4-0 koma Mali inabweza zonse, masewero n'kutha 4-4. Pa 11 Januwale, ku Luanda, a Flames a mphunzitsi Kinnah Phiri anakwapula Algeria 3-0 ndi zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Pa masewero achiwiri Algeria inagonjetsa Mali 1-0, ndipo Angola inagonjetsa Malawi 2-0. Kagoli kamodzi ka Algeria kameneka mukasunge m'mutu.

Pofika tsiku lomaliza, pa 18 Januwale, Angola inali ndi mapointi 4, Malawi 3, Algeria 3, Mali 1. Masewero onse awiri anayamba nthawi imodzi. Ku Cabinda, Mali inachinya Malawi zigoli ziwiri mphindi zoyambirira zenizeni ndipo inapambana 3-1. Ku Luanda, Angola ndi Algeria analepherana 0-0.

Tsopano tiwerenge. Angola inamaliza ndi mapointi 5, Algeria 4, Mali 4, Malawi 3. Opitirira anali awiri okha, ndiye malo achiwiri anali pakati pa Algeria ndi Mali. Mali inachinya zigoli 7 n'kuchinyidwa 6, kutsala ndi chimodzi chapamwamba. Algeria inachinya chigoli chimodzi chokha m'masewero atatu n'kuchinyidwa zitatu, kutanthauza kuti inali ndi ngongole ya zigoli ziwiri. Pa lamulo la kusiyana kwa zigoli Mali ikanapitirira popanda wotsutsa. Koma lamulo la CAF linkayamba ndi kukumana kwa awiriwo, ndipo pamenepo Algeria inapambana 1-0. Mali inalongedza zikwama, Algeria inapitirira mpaka kufika m'ndime ya matimu anayi omaliza.

Zigoli zitatu za a Flames zija, zimene zikanaigwetsa Algeria pa lamulo linalo, sizinawerengedwe n'komwe. Chopweteka china n'choti a Flames akanangolepherana ndi Mali akanafika pa mapointi 4, kufanana ndi Algeria, ndipo lamulo lomwelo likanawapititsa iwowo chifukwa cha 3-0 ija.

Apa ndi pamene chilema cha lamulo la kukumana chinaonekera. Mali itangotsogola ku Cabinda, Angola ndi Algeria anadziwa kuti kulepherana kukuwapititsa onse awiri, Mali ichinye zingati kaya. A Mali anadandaula kuti chigawo chachiwiri cha ku Luanda chinaseweredwa mopanda moto, koma zotsatira sizinasinthe. Pa lamulo la kusiyana kwa zigoli, Algeria ikanayenera kuthamangira chigoli mpaka wezulo yomaliza.

Nanga matimu ofanana akakhala atatu? Mpikisano womwewo unatipatsa chitsanzo mu gulu D, mmene Zambia, Cameroon ndi Gabon onse anamaliza ndi mapointi 4. Zikatero amachotsa masewero a timu yachinayi, imene inali Tunisia, n'kupanga kam'ndandanda ka atatu okhawo. Gabon inagonjetsa Cameroon 1-0, Cameroon inagonjetsa Zambia 3-2, Zambia inagonjetsa Gabon 2-1. Aliyense mapointi 3, ndipo aliyense wachinya zofanana ndi zimene wachinyidwa. Chotsala chinali kuwerenga zochinya: Zambia 4, Cameroon 3, Gabon 2. Zambia inakhala yoyamba ngakhale inagonja kwa Cameroon, ndipo Gabon inatuluka ngakhale inaigonjetsa Cameroon yomweyo. Mwaona kuti mawu akuti “tinakugonjetsani” sakwanira matimu akakhala atatu.

Zonse zikafanana, pamatsala makhadi kapena maere. Pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2018 Japan inapitirira m'malo mwa Senegal chifukwa inali ndi makhadi achikasu 4 pamene Senegal inali ndi 6. Ndipo Mali, tsoka lake, mu 2015 inalepherana 1-1 masewero onse atatu chimodzimodzi ndi Guinea. Anachita maere ku Malabo, mwayi n'kugwera Guinea.

Ndiye inu amene mumakonza zikho za m'midzi ndi m'masukulu, ku Massangulo, ku Mandimba kapena ku Cuamba, phunziro lake ndi ili. Lembani pa pepala chimene chikuyamba, kukumana kapena kusiyana kwa zigoli, kenaka chachiwiri, chachitatu, mpaka pa maere. Lembaninso chochita matimu ofanana akakhala atatu, ndi zigoli zimene mudzapereke timu ina ikapanda kubwera pabwalo, chifukwa zigoli zapatebulo zoterezi zimasintha kusiyana kwa zigoli. Masewero omaliza muyesetse ayambe ola limodzi. Makaputeni onse asayine pepalalo mpira woyamba usanamenyedwe, chifukwa lamulo losankhidwa m'ndandanda utaoneka kale aliyense amadziwa amene likumukomera.