Yuniti imodzi ya malaiti: tanthauzo lake ndi mowerengera zimene mita yadya

Munthu akagula malaiti ku ZESCO, kaya pa sitolo kapena pa lamya, amalandira tokeni ya manambala 20. Akailowetsa pa mita, ciwerengero ca pa kagalasi cimakwera. Ciwerengero cimeneci si ca ndalama ai, koma ca mayunitsi, ndipo yuniti imodzi ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi umene umalembedwa kuti kWh pa mita ndi pa lisiti.

Yuniti imodzi ndi magetsi amene cipangizo ca mawati 1,000 cimadya cikagwira nchito kwa ola lathunthu. Pali zinthu ziwiri pamenepa: ukali wa cipangizo, umene ndi mawati, ndi kutalika kwa nthawi imene cayaka. Mawati amalembedwa pa kapepala kapena kacitsulo ka kumbuyo kapena kunsi kwa cipangizo, pambali pa cilembo ca W. Babu ya mawati 10 imafuna maola 100 kuti imalize yuniti imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 imaimaliza m'mphindi 30 cabe. N'cifukwa cake banja limene lilimbikira kuzimitsa mababu koma n'kusiya mbale ya citofu ili ciyakire silimaona kusintha kwenikweni. Zinthu zimene zimatentha, monga citofu, giza, nsimbi ndi hita, ndizo zimatha malaiti m'nyumba.

Masamu ake ndi awa: curukitsani mawati ndi maola, ndipo mugawe ndi 1,000. Mbale ya citofu ya mawati 1,500 ikayaka maola atatu, 1,500 kucurukitsa katatu ndi 4,500, kutanthauza mayunitsi 4.5. Ici ndi ciwerengero capamwamba, pakuti mbale ikacepetsedwa moto imadya mocepa. Filiji ndiyo yovuta kuiwerengera mwa njira iyi, cifukwa injini yake imalira ndi kupuma yokha usana ndi usiku.

Mita yolipiriratu imawerenga cobwerera m'mbuyo. Mamita akale, aja anali kuwerengedwa ndi wanchito wa kampani mwezi ndi mwezi, anali kukwera kosalekeza, ndipo munthu anali kucotsa ciwerengero ca mwezi watha pa ca mwezi uno. Koma mita ya tokeni imaonetsa mayunitsi otsala. Motero kuti mudziwe zimene zadyedwa, lembani ciwerengero lero, mulembenso patapita masiku, pa ola limodzimodzi, ndipo musaiwale mayunitsi amene mwagula pakati pa masikuwo. Samalani kadontho ka pa kagalasi, cifukwa 86.4 si 864.

Tiyerekeze ndi nyumba ina imene pa Sondo nthawi ya 18 koloko mita ionetsa 86.4. Pa Citatu eni nyumba alowetsa tokeni ya mayunitsi 50.0. Pa Sondo yotsatira, nthawi yomweyo, mita ionetsa 73.4. Wongoyang'ana manambala awiri aja angaganize kuti sabata yonse yadya mayunitsi 13 okha, koma si conco. Kuphatikiza 86.4 ndi 50.0 kupereka 136.4, ndipo kucotsapo 73.4 kusiya 63.0. Nyumba iyi yadya mayunitsi 63 m'masiku asanu ndi awiri, ndiko kuti mayunitsi 9 pa tsiku. Mayunitsi 73.4 otsalawo afika masiku asanu ndi atatu, ndipo pa mwezi wa masiku 30 nyumbayo ifunikira mayunitsi 270.

Tsopano mayunitsi 9 aja akupita kuti? Ngati citofu ciyaka maola atatu monga tawerengera, theka lapita kale. Wailesi yakanema ya mawati 100 pa maola asanu idya 0.5, ndipo mababu asanu ndi limodzi a mawati 10 pa maola omwewo adya 0.3. Zonse pamodzi ndi 5.3. Zotsala, mayunitsi 3.7, ziyenera kugawidwa pa filiji, ketulo, nsimbi ndi tina ting'onoting'ono, ndipo ciwerengero cotere n'comveka. Koma nyumba imeneyi itapezeka kuti idya mayunitsi 15 pa tsiku, pamenepo pali cofufuza. Giza ya mawati 3,000 ikatenthetsa madzi maola awiri imadya mayunitsi 6 yokha, ndipo popeza ili m'denga kapena kuseri kwa nyumba, anthu ambiri amaiiwala.

Cenjezo lina ndi la kuzima kwa malaiti. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, madera ambiri anali kukhala maola ambiri opanda magetsi. Ciwerengero cotengedwa pa sabata yotere cimakhala cotsika, ndipo sicingakuuzeni zimene nyumba idzadya pamene magetsi ali tsiku lonse.

Pali njira inanso yacangu imene ambiri saidziwa. Pa mita pali kanyali kakang'ono, kawirikawiri kofiira, kamene kamaphethira. Pafupi nako pamalembedwa nambala, monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kanyaliko kakaphethira ka 1,000, yuniti imodzi yatha. Pa mita yotere, werengani kuphethira kwa mphindi imodzi ndi kucurukitsa ndi 60, ndipo mupeza mawati amene nyumba ikukoka pa nthawiyo. Kakaphethira ka 25 pa mphindi, ndiye kuti ndi mawati 1,500. Mamita ena ali ndi nambala yosiyana, conco yambani mwaona imene yalembedwa pa yanu. Yatsani ketulo mukuyang'ana kanyaliko, ndipo mudzaona kuti kayamba kuthamanga. Mwa kuyatsa zipangizo cimodzicimodzi, mutha kudziwa cimene cimadya kwambiri popanda kukangana.

Njira iyi ndi yothandiza makamaka m'makomboni, kumene mabanja atatu kapena anayi amagawana mita imodzi ndi alandilodi. Kugawana ndalama mofanana pa khomo lililonse kumapondereza uja ali ndi babu ndi wailesi cabe, pamene mnzake aphikira nyemba pa citofu. Mkangano wotere umatha msanga pamene onse aima pa mita ndi kuwerenga pamodzi. Ndipo ngati mwazimitsa zonse, filiji ndi giza zomwe, koma kanyali kakuphethirabe, pali cina cimene cikukoka magetsi: mwina waya wopita ku nyumba ina, mwina vuto la mawaya. Itanani katswiri wa zamagetsi wovomerezeka kapena dziwitsani a ZESCO. Musatsegule mita kapena kudula cidindo cake, pakuti kutero ndi mlandu, ndiponso magetsi amapha.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti ndalama zomwezo zagula mayunitsi ocepa kusiyana ndi sabata yatha. Yuniti siicepa kapena kukula. Cimene cimasintha ndi mtengo. Mitengo ya malaiti a m'nyumba, imene imavomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za mphamvu la ERB, ili m'magawo: mayunitsi oyamba kugulidwa m'mwezi ndi ochipa, ndipo munthu akapitirira malire a gawo loyamba, otsatira amakwera mtengo. Kuwerenga kumayambiranso mwezi watsopano ukayamba. Pa ndalama zolipiridwazo pamacotsedwanso misonkho, ndipo lisiti limaonetsa zimenezi. Motero kugula kangapo pang'onopang'ono m'mwezi umodzi sikubweza munthu ku mtengo wa gawo loyamba, ndipo kugula mayunitsi a miyezi iwiri nthawi imodzi kumakankhira ambiri a iwo m'gawo lodula. Mayunitsi otsala pa mita satha mphamvu pakutha kwa mwezi. Amakhalabe mpaka atagwiritsidwa nchito.